Kakompyuta kosagona kamene kali m'kati mwa seva

Seva ikazimitsidwa, mafani ake amaleka kulira ndipo aliyense m'chipindamo amangoti makinawo agona. Koma ngati chingwe cha magetsi chikadali cholumikizidwa kukhoma, m'katimo muli kanthu kena kamene kakugwirabe ntchito. Ndi kakompyuta kakang'ono komatidwa pa bolodi yaikulu ya sevayo. Kali ndi purosesa yakeyake, memore yakeyake, pulogalamu yakeyake, ndipo kamatha kulankhula pa netiweki pakokha popanda kupempha chilolezo kwa Windows kapena Linux imene ili pa seva. Akatswiri amakatcha BMC.

Seva ndi kompyuta zamphamvu zija zimene zimasunga maakaunti a kubanki, kaundula wa odwala m'zipatala, malipiro a ogwira ntchito ndi masamba a pa intaneti. Zambiri zimakhala m'zipinda zozizira zokhoma, nthawi zina kutali ndi munthu amene amaziyang'anira. BMC inapangidwa kuti munthuyo asamachite kuyenda ulendo pa vuto lililonse. Ali ku Mzuzu angathe kuyatsa seva imene ili ku Blantyre, kuizimitsa, kuona zimene zikuoneka pa sikirini yake kuyambira pamene ikudzuka, kulemba ngati wakhala pa kiyibodi yake, kudziwa ngati yatentha kapena fani ina yafa. Angathenso kuinamiza seva kuti mwalowetsedwa fulashi, chonsecho fulashiyo ndi fayilo chabe imene ili pa laputopu yake, n'kuikamo Windows yatsopano kuchokera pamenepo.

Kampani iliyonse inaipatsa dzina lake. Dell imati iDRAC, HP imati iLO, Lenovo imati XClarity Controller, ndipo pa makina a Supermicro anthu amangoti IPMI. Dzina lomalizali kwenikweni ndi la malamulo a kalankhulidwe amene ma BMC ambiri amatsatira. Anatuluka koyamba mu 1998 motsogozedwa ndi Intel, ndipo mtundu wa 2.0, umene ukugwirabe ntchito mpaka lero, ndi wa 2004.

BMC ili ngati mlonda wokhala m'kanyumba ka pageti, amene ali ndi makiyi a zipinda zonse, koma eni nyumba sangalowe m'kanyumba kake kukaona amene akucheza naye. Pulogalamu yolimbana ndi mavayirasi imene munagula imayang'ana za m'kati mwa Windows basi. Za mu BMC siiziona. Mukafufuta disiki yonse n'kuyambiranso, BMC imatsala monga inalili. Choncho munthu amene walanda BMC walanda seva yonse, ndipo kumuchotsamo n'kovuta kuposa kuchotsa vayirasi wamba.

Mapasiwedi amene aliyense amawadziwa

Kwa zaka zambiri maseva ankatuluka kufakitale ndi dzina komanso pasiwedi yofanana pa makina onse a kampani imodzi. Pa Dell dzina linali `root`, pasiwedi `calvin`. Pa Supermicro zonse ziwiri zinali `ADMIN`. Pa IBM dzina linali `USERID`, pasiwedi `PASSW0RD`, pomwe pamalo pa chilembo O panali ziro. Izi si chinsinsi chimene tikuulula pano. Zinalembedwa m'mabuku a malangizo a makinawo, ndipo mapulogalamu a akuba amayamba kuyesa zimenezi asanayese china chilichonse. Chakumapeto kwa 2018, achifwamba ogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa JungleSec ankalowa m'maseva kudzera pa IPMI imene eni ake anaisiya poyera, ina ili ndi pasiwedi ya kufakitale, n'kukhoma mafayilo onse kuti eni akewo alipire dipo.

Zinthu zinasinthako. HP inayamba kale kupatsa seva iliyonse pasiwedi yakeyake, yolembedwa pa kakhadi kamene mumakoka kutsogolo kwa makina. Dell inatengera njira yomweyo pa iDRAC9, ngakhale kuti wogula angathebe kupempha `calvin` yakale ija poitanitsa katundu. Supermicro inasintha chakumapeto kwa 2019, pamene lamulo la ku California ku America lotchedwa SB-327 linali pafupi kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2020. Lamulolo linaletsa kugulitsa zipangizo zolumikizidwa pa intaneti zokhala ndi pasiwedi imodzi yofanana. Kuyambira pamenepo bolodi iliyonse ya Supermicro imabwera ndi sitika ya zilembo 10 zikuluzikulu.

Kwathu kuno nkhaniyi siinathe, chifukwa maofesi ambiri ang'onoang'ono amagula maseva ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Makina otere nthawi zambiri ndi a m'zaka za `calvin` ndi `ADMIN`, ndipo wogulitsa akamati wawakonza bwino, kawirikawiri amatanthauza kuti wabwezeretsa zonse monga zinalili kufakitale.

Pasiwedi yatsopano payokha siikwana

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale odziwa makompyuta, amapunthwa. Amasintha pasiwedi n'kupumira m'mwamba kuti ntchito yatha.

Mu 2013 katswiri wa chitetezo cha makompyuta Dan Farmer anafufuza IPMI mozama, ndipo HD Moore wa kampani ya Rapid7 anafalitsa njira zoyesera zimene zinapezekazo. Chimodzi mwa izo ndi chodabwitsa. Munthu akagogoda pa BMC kudzera pa IPMI 2.0 n'kutchula dzina limene lilipodi, monga `ADMIN`, BMC imamuyankha pomutumizira chidindo cha masamu chopangidwa kuchokera ku pasiwedi ya dzinalo. Imatero munthuyo asanasonyeze n'komwe kuti pasiwediyo amaidziwa. Chidindocho si pasiwedi yeniyeni, koma wakuba amapita nacho kwawo n'kuuza kompyuta yake kuti iziyesa mawu osiyanasiyana mpaka itapeza amene akubala chidindo chofanana. Kuyesa konseku kumachitikira pa makina ake. BMC yanu siiona kalikonse, siikhoma akaunti, siilemba kuti wina walakwitsa pasiwedi kambirimbiri.

Vutoli lili ndi nambala yake m'kaundula wa zofooka za mapulogalamu, CVE-2013-4786, koma palibe chigamba chimene chingalitseke, chifukwa si kulakwitsa kwa wolemba pulogalamu. Malamulo a IPMI 2.0 ndiwo amati zizichitika choncho.

Tiyeni tiwerengere. Pasiwedi ya zilembo 8 yosakaniza zilembo zikuluzikulu ndi manambala, ngati imene imakhala pa kakhadi ka HP, ingalembedwe m'njira pafupifupi 2.8 thiriliyoni. Zikumveka zochuluka. Koma kompyuta yokhala ndi khadi yamphamvu ya zithunzi, yonga imene achinyamata amaseweretsa magemu, imatha kuyesa mawu oposa 1 biliyoni pa sekondi imodzi. Pa liwiro la 1 biliyoni, njira zonsezo zimatha m'mphindi 47. Sitika ya Supermicro ya zilembo 10 ili ndi njira pafupifupi 141 thiriliyoni, zimene zingatenge maola 39. Ndiye kuti pasiwedi ya pa sitika ndi yongolowera tsiku loyamba. Dzina la kampani lowonjezera chaka kumapeto ndiye silichedwa n'komwe. IPMI 2.0 imalola zilembo zosapitirira 20, ndipo ndi bwino kuyandikira malire amenewo ndi zilembo zosakanizika zosankhidwa ndi makina, osati ndi mutu wa munthu. Seva iliyonse ikhalenso ndi yake, kuti imodzi ikathyoledwa zinazo zisagwere limodzi.

Chachiwiri chimene Farmer anaonetsa chimatchedwa `cipher 0`. IPMI ili ndi njira zingapo zotetezera zokambirana, zodziwika ndi manambala, ndipo nambala 0 imatanthauza kusateteza konse. Pa ma BMC ambiri a nthawi imeneyo njirayi inali yotsegula, moti wolowa akaisankha, pasiwedi iliyonse imene walemba inkalandiridwa.

Mfundo yake ndi yakuti chitetezo chenicheni cha BMC chili pa funso ili: kodi ndani angathe kuigogoda? Mu 2014 Farmer anapeza ma BMC oposa 230,000 akuyankha poyera pa intaneti. BMC siiyenera kuoneka pa intaneti ngakhale pang'ono, ndiponso siiyenera kukhala pa netiweki imene pali malaputopu a ogwira ntchito, makina osindikizira ndi mafoni a alendo.

Seva ya kaunjika, sitepe ndi sitepe

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama lagula seva ya Supermicro ya m'gulu la X10, yogwiritsidwapo kale ntchito. Kumbuyo kwake kuli mabowo atatu a netiweki: awiri olembedwa LAN1 ndi LAN2, ndi lina lapadera la IPMI. Woiika walowetsa chingwe chimodzi chokha mu LAN1. Bowo la IPMI walisiya lopanda kanthu, ndipo mumtima mwake BMC ndi yotseka.

Si yotseka. Ma BMC a Supermicro ali ndi njira zitatu zotulukira pa netiweki. `Dedicated` imagwiritsa ntchito bowo lapadera lokha. `Shared` imadzera mu LAN1 pamodzi ndi seva. `Failover`, imene mabolodi ambiri amabwera nayo, imayang'ana kaye bowo lapadera, ndipo ikapeza mulibe moyo imalumphira pa LAN1. Ikatero imapempha adiresi kwa rauta ya mu ofesi monga mmene foni iliyonse imachitira. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona kwa amene akudziwa: pa mndandanda wa zipangizo za pa rauta pamaoneka maadiresi awiri ochokera pa chingwe chimodzi, ndipo wina mwa iwo amayankhabe ngakhale seva itazimitsidwa.

Pa seva ya Linux pali kapulogalamu kotchedwa `ipmitool` kamene kamafunsa BMC kuchokera m'kati:

```
ipmitool lan print 1
ipmitool user list 1
ipmitool mc info
```

Mzere woyamba umaonetsa adiresi imene BMC ili nayo. M'chitsanzo chathu pakutuluka `IP Address Source : DHCP Address` ndi adiresi `192.168.1.57`, ya pa netiweki yomweyo imene akalaliki amagwiritsa ntchito. Wachiwiri umatchula maakaunti. Pa nambala 2 pali `ADMIN`, koma pa nambala 3 palinso dzina lina lachilendo lokhala ndi mphamvu zonse, lotsala kwa mwini wakale. Wachitatu umanena mtundu wa famuweya, pulogalamu ya m'kati imene imayendetsa BMC, ndipo ikuoneka kuti sinasinthidwepo chigulireni.

Kukonza kumafuna ndondomeko, ndipo kusemphanitsa masitepe kumawononga ntchito. Choyamba ndi kuzula chingwe cha ofesi n'kulumikiza laputopu molunjika ku bowo la IPMI, kuti pa nthawi yonse yokonzayi BMC isaonedwe ndi wina aliyense. Kenako kuika famuweya yatsopano yotengedwa pa tsamba la wopanga makinawo, osati kwa mnzanu amene ali nayo pa fulashi. Poika, pamabwera kabokosi ka `Preserve Configuration`, kofunsa ngati mukufuna kusunga makonzedwe akale. Pa makina a kaunjika yankho ndi ayi. Ndi bwinonso kuti seva ikhale pa batire pochita zimenezi, chifukwa magetsi akathima famuweya ili pakati polembedwa, BMC ingathe kufa osadzukanso.

Kubwezeretsa makonzedwe a kufakitale kumachotsa akaunti yachilendo ija, koma kumabwezanso `ADMIN` ndi `ADMIN`, ndi `Failover` yomwe. N'chifukwa chake pasiwedi imasinthidwa pambuyo pa sitepe imeneyi. Amene amayamba ndi pasiwedi n'kumalizira ndi kubwezeretsa amakhala atadzitsegulira yekha chitseko chimene anangotseka kumene.

```
ipmitool user set password 2
ipmitool raw 0x30 0x70 0x0c 1 0
```

Mzere woyamba umafunsa pasiwedi yatsopano popanda kuionetsa pa sikirini. Wachiwiri ndi wa Supermicro yokha, ndipo umaika BMC pa `Dedicated`. Zomwezi zimathekanso pa tsamba la BMC, pa gawo la `Network`.

Pali chifukwa china chimene `Failover` iyenera kuchokera, chimene chimatikhudza kwambiri ife okhala kumene magetsi amathimathima. Tinene kuti mwachita bwino, mwalowetsa chingwe m'bowo la IPMI n'kuchipititsa pa swichi yapadera, koma `Failover` mwaisiya. Magetsi athima usiku, batire yatha. Akabwera, BMC ingathe kudzuka msanga kuposa swichi. Iyang'ana bowo lake, ipeza kuli zii, ilumphira pa LAN1, ndipo pa mabolodi ena imakhala komweko mpaka itadzutsidwanso. M'mawa woyang'anira amangoona kuti BMC sikuyankha pa adiresi ya masiku onse, n'kuganiza kuti yawonongeka. Pomwe iyo ili moyo, ikungoyankha kumbali yolakwika.

Chingwe cha IPMI chiyenera kupita pa netiweki ya oyang'anira okha. Ofesi ya seva ziwiri kapena zitatu ingagule kaswichi kotsika mtengo kosalumikizana ndi china chilichonse kupatula kompyuta imodzi ya woyang'anira. Malo akuluakulu amagawa swichi imodzi m'zigawo zotchedwa VLAN, n'kuika fayawolo pakati kuti maadiresi owerengeka okha ndiwo azidutsa. Wofuna kulowa ali kunyumba adzere pa VPN kaye. Chimene sichiyenera kuchitika, ngakhale bwana atakakamiza bwanji, ndi kuuza rauta kuti izilozera alendo a pa intaneti molunjika ku BMC. Kusintha nambala ya khomo kuti lisadziwike sikuthandiza, chifukwa pali makina amene ntchito yawo ndi kugogoda makomo onse a maadiresi onse usana ndi usiku.

Kenako ndi kutseka zimene simuzigwiritsa ntchito. Ngati mumangolowa pa tsamba la BMC ndi burawuza, ndiye kuti IPMI ya pa netiweki, imene imamvetsera pa khomo 623 la UDP, simukuifuna, ndipo kuitseka kumathetseratu nkhani ya chidindo ija. Pa Dell imabwera yotseka kale, koma ngati wina anaitsegula imatsekedwa ndi `racadm set iDRAC.IPMILan.Enable 0`. Telnet itsekedwe, tsamba likhale la HTTPS lokha, ndipo SNMP yokhala ndi mawu akale akuti `public` ichotsedwe kapena isinthidwe. Mapulogalamu oyang'anira maseva ambiri nthawi imodzi angagwiritse ntchito Redfish, njira yatsopano imene bungwe la DMTF linatulutsa mu 2015, yodzera pa HTTPS.

Ntchito siinathe mpaka mutayesa. Muli pa netiweki ya oyang'anira, yesani dala kulowa ndi pasiwedi yabodza:

```
ipmitool -I lanplus -C 0 -H 10.10.0.5 -U ADMIN -P bodza user list
```

Ikakana, zili bwino. Ikatulutsa mndandanda wa maakaunti, `cipher 0` ndi yotsegula ndipo pasiwedi yanu yaitali ija ilibe ntchito. Mukatero mupite pa laputopu ya kalaliki wamba n'kuyesa kutsegula adiresi ya BMC. Pasaoneke ngakhale tsamba lofunsa pasiwedi. Yeso lomaliza ndi limene ambiri amalidumpha: kuzimitsa magetsi onse a chipindacho, kuyatsanso, n'kubwereza mayeso awiriwa.

Famuweya imakalamba

BMC ndi kompyuta, ndipo mapulogalamu ake amapezeka ndi ming'alu ngati ena onse. Mu 2017 kunadziwika vuto la iLO 4 ya HP, nambala CVE-2017-12542, limene linapezedwa ndi ofufuza a ku France. Munthu akatumiza uthenga ku tsamba la iLO wokhala ndi chilembo A cholembedwa ka 29 pamalo ena a mutu wa uthengawo, ankalowa ngati woyang'anira popanda pasiwedi iliyonse. HP inatulutsa famuweya yokonza vutoli chaka chomwecho, koma famuweya siidziika yokha. Seva imene palibe anaikhudza kuyambira nthawi imeneyo idakali ndi mng'alu womwewo lero. Za posachedwapa, vuto la CVE-2024-54085 mu pulogalamu ya MegaRAC ya kampani ya AMI, imene opanga maseva ambiri amaika m'ma BMC awo, linalolanso kulowa mopanda pasiwedi, ulendo uno kudzera pa Redfish yomweyo. Mu Juni 2025 bungwe la boma la America la CISA linaliika pa mndandanda wa zofooka zimene akuba akuzigwiritsadi ntchito.

Choopsa kwambiri ndi pamene wolowa asintha famuweyayo. Mu Disembala 2021 kampani ya ku Iran ya Amnpardaz inalengeza za pulogalamu yoipa imene inaitcha iLOBleed, yobisala m'kati mwa iLO. Inkafufuta madisiki a seva, ndipo eni ake akaikanso zonse, inali ikadali momwemo, yokonzeka kufufutanso. Akayesa kuika famuweya yatsopano, inkanamizira kuti zatheka, n'kuonetsa nambala yatsopano pa sikirini, koma pansi pake osasintha kanthu. Chimene chinaiulula n'chakuti tsamba lolowera linkaonekabe mwachikale pomwe nambala inkati ndi latsopano.

Apa pali malire a zonse tafotokozazi. Nambala imene `ipmitool mc info` imaonetsa ndi mawu a BMC yomweyo, ndipo BMC yogwidwa ingathe kunama. Makina atsopano, monga a iLO 5 ndi iDRAC9, ali ndi kachipangizo kotsimikizira famuweya isanadzuke, koma akale alibe. Seva yakale imene mukudziwa kuti BMC yake inakhala poyera pa intaneti ndi pasiwedi ya kufakitale, ine sindingaiikenso pa ntchito yosunga ndalama za anthu, pokhapokha katswiri atalembanso kachipangizo ka famuweya ndi chida chapadera, kapena bolodi itasinthidwa.

Zizindikiro za kuti wina analowapo sizichuluka, koma zilipo: akaunti imene palibe akuidziwa, seva kuzima ndi kuyaka yokha pa ola limene kulibe munthu, fulashi yongoyerekeza yolumikizidwa imene woyang'anira sanaiike, kaundula wa zochitika kupezeka wopanda kanthu. Popeza wolowa angathe kufufuta kaundulayo, BMC iuzidwe kuti izitumiza zochitika zake ku kompyuta ina nthawi yomweyo kudzera pa `syslog`, ndipo wotchi yake ikhale yolondola, apo ayi maola olembedwawo sadzagwirizana ndi china chilichonse.

Palinso khomo lina limene netiweki yapadera siilitseka. Malamulo a `ipmitool` amene tinalemba tili pa seva penipeni aja sanatifunse pasiwedi ya BMC. Ndi mmene zinapangidwira: aliyense wokhala ndi mphamvu zonse pa Linux kapena Windows ya sevayo angathe kulankhula ndi BMC kudzera m'kati, kupanga akaunti yatsopano kapena kusintha pasiwedi. Zimapulumutsa woyang'anira amene waiwala pasiwedi, koma zikutanthauzanso kuti wakuba amene wathyola seva kudzera pa tsamba lake la pa intaneti angathe kutsikira mu BMC n'kudzisiyira malo. Makina ena amalola kutseka njirayi. Pa iDRAC pali makonzedwe oletsa kusintha zinthu kuchokera pa seva, ndipo iLO 5 ikaikidwa pa `High Security` imafuna pasiwedi ngakhale kwa wochokera m'kati. Pamene zotere palibe, seva iliyonse imene yathyoledwa iyenera kuonedwanso BMC yake, maakaunti ndi famuweya, isanabwezedwe pa ntchito.

Zomwezi zimafunika woyang'anira akasiya ntchito, kapena kampani imene inabwera kudzaika makina ikamaliza kontirakiti. Maakaunti a imelo amatsekedwa tsiku lomwelo, koma a mu BMC amaiwalika chifukwa sakhala pa mndandanda wa aliyense. Ndipo seva ikamagulitsidwa kapena kuperekedwa kwina, kufufuta madisiki kokha n'kosakwanira. Kuti IPMI igwire ntchito, BMC imasunga mapasiwedi m'njira yoti angathe kuwerengedwanso, pamodzi ndi maadiresi a netiweki yanu ya m'kati, choncho nayonso ibwezeretsedwe ku makonzedwe a kufakitale makinawo asanatuluke pakhomo.